Anthu 1,200 ndi okwanira, koma 40 ndi 36 si chipambano

Nthawi iliyonse ofufuza akatulutsa zotsatira za kafukufuku wa maganizo a anthu pa ndale, mkangano wake umakhala womwewomwewo. Chipani chimene manambala achikomera chimayamba kusangalala ngati mavoti awerengedwa kale, pomwe chimene chatsalira chimatuma mneneri wake ku wailesi kukanena kuti ofufuzawo adya ndalama ndipo anthu amene adafunsidwa ndi ochepa. Ife a ku Zomba nkhaniyi imatikhudza mwapadera, chifukwa ambiri mwa manambala amene dziko limakanganiranawo amachokera konkuno. Bungwe la IPOR, lofufuza maganizo a anthu, lili mumzinda uno, nthambi ya kafukufuku ya Yunivesite ya Malawi, imene yakhala ikuyendetsa m'dziko muno kafukufuku wa Afrobarometer, wa maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa, ilinso konkuno, ndiponso likulu la NSO, ofesi ya boma yowerenga anthu, lili kuno. Komabe m'minibasi ya ku Chinamwali kapena pamsika wa Mpondabwino, simumva munthu akutchula kachiganizo kakang'ono kamene kamakhala kumapeto kwa lipoti, konena kuti zotsatirazi zingaphonye ndi mapointi 3, kukwera kapena kutsika, zimene amalemba kuti ±3.

Maganizo anga ndi akuti kachiganizo kameneka ndiye mutu wa nkhani yonse, ndipo mbali zonse ziwiri zimalakwitsa chifukwa chosakawerenga. Kafukufuku wochitidwa mwadongosolo, wofunsa anthu 1,200, ndi wodalirika, ndipo amene amamutaya chifukwa choti anthuwo ndi ochepa sakulondola. Koma ±3 uja si chitsimikizo chakuti zonse zili bwino. Amangoyeza kuphonya kwa mtundu umodzi, kobwera chifukwa mwafunsa anthu ena osati onse, ndipo pa kuphonya kwa mitundu ina sanenapo kanthu. Pachifukwa ichi, nyuzipepala kapena wailesi imene yalengeza kuti wina akutsogola osatchula chiwerengero cha ofunsidwa ndi mpata wa kuphonyawu yanamiza anthu, ngakhale nambala iliyonse imene yatchula ikhale yoona.

Tiyambe ndi dandaulo limene limamveka kwambiri, lakuti anthu 1,200 sangayankhulire dziko lonse. Amene amanena izi si opusa ayi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Amalawi tidalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pa chisankho cha 2019 olembetsa kuvota adali pafupifupi 6.9 miliyoni. Mukagawa olembetsa kuvotawa ndi 1,200, mupeza kuti munthu mmodzi yekha pa anthu pafupifupi 5,700 ndi amene amafunsidwa. Tsono mayi wa ku Jali akati, "Ine chibadwire sadandifunsepo, ngakhale m'mudzi mwathu sadafikemo," akunena zoona, ndipo mwina adzakalamba osafunsidwa. Funso ndi lakuti, kodi kusafunsidwa kwawoko kukutanthauza kuti yankho la ofufuza ndi labodza?

Taganizani za thumba la nyemba losakaniza zofiira ndi zoyera, ndipo tinene kuti pa nyemba 100 zilizonse, 40 ndi zofiira. Inu simukudziwa zimenezi. Mwalikhuthula pamphasa, mwasakaniza bwinobwino, kenako mwatapa nyemba 1,200 osayang'ana. Zikadakhala kuti mwayi sulowererapo, mukadapeza zofiira 480 ndendende. Koma dzanja silitapa chimodzimodzi kawiri: ulendo uno mupeza 471, mukabweza ndi kutapanso mupeza 492, ulendo wina 465. Chimene masamu amatiuza ndi chakuti kusinthasinthaku kuli ndi malire. Mukatapa maulendo 100, pafupifupi maulendo 95 zofiira zidzakhala pakati pa 447 ndi 513, kutanthauza pakati pa 37 ndi 43 peresenti. Apa ndiye pachokera ±3. Ndipo chodabwitsa, chimene ambiri chimawavuta kuvomereza, ndi ichi: malire amenewa sadalira kukula kwa mulu wa nyembazo. Kaya mwatapa m'thumba limodzi kaya m'nkhokwe yonse, malinga nyemba zasakanizika bwino, nyemba 1,200 zikuuzani zoona mofanana. Chimene chimawerengedwa ndi kuchuluka kwa zimene zili m'manja mwanu, osati zimene zatsala pansi. N'chifukwa chake ngakhale m'mayiko a anthu mamiliyoni mazanamazana, ofufuza amafunsa anthu 1,000 kapena 2,000 basi.

Aliyense amene ali ndi foni angathe kudziwerengera yekha mpata umenewu, ndipo ndikadakonda mtolankhani aliyense atamachita zimenezi asanalembe nkhani. Njira yachidule ndi iyi, pomwe n ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa:

```
98 ÷ √n
```

Mukaika 1,200 mupeza 2.8, amene ofufuza amangoti 3. Mukaika 2,400 mupeza 2. Mukaika 400 mupeza pafupifupi 5, ndipo anthu 100 akupatsani pafupifupi 10. Onani mmene phindu likucheperachepera: kuti muchepetse mpata ndi theka, muyenera kufunsa anthu ochuluka kanayi, osati kawiri. Kuti mufike pa ±1 pamafunika anthu pafupifupi 9,600, ndipo aliyense wa iwo amafuna galimoto, mafuta ndi wofunsa wolipidwa woti akamupeze kwawo. Choncho wofufuza amene waima pa 1,200 kapena 2,400 sikuti wachita ulesi. Waima pamene ndalama zoonjezera zimayamba kugula kulondola kochepa kwambiri.

Koma pali mawu amene ndawabwereza dala, akuti "malinga nyemba zasakanizika bwino". Anthu si nyemba zoti mungakhuthule pamphasa, ndipo apa ndi pamene pali yankho la gulu lachiwiri, limene limati ngati 1,200 ndi abwino, ndiye kuti anthu 20,000 oimba foni pa wailesi kapena ovota pa Facebook ndi abwino koposa. Maganizowa amamveka anzeru, koma ndi olakwika kotheratu. Oimba foni adzisankha okha. Ndi anthu okhala ndi foni, ndi mayunitsi, ndi nthawi, ndiponso mkwiyo kapena chikondi chokwanira kuwapangitsa kuimba, ena mpaka kangapo. Msodzi wa pachilumba cha Chisi kapena gogo wa ku Chingale salowamo. Ku Amerika mu 1936, magazini ya Literary Digest idalandira mayankho oposa 2 miliyoni ndipo idalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt pa chisankho cha pulezidenti. Roosevelt adapambana ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse. Mayina ambiri a ofunsidwa adatengedwa m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, ndipo pa anthu amene adatumiziridwa mafunso, ambiri sadayankhe n'komwe. Kuchuluka kwa mayankho sikudachotse kupendekekako. Kafukufuku wa anthu odzisankha okha alibe mpata wa kuphonya umene ungawerengedwe, ndipo amene amamata ±1 pa zotsatira zotere akungokongoletsa chinthu chopanda maziko.

Ofufuza enieni amathera nthawi ndi ndalama zambiri pa kusakaniza kumeneku. Amatenga ndandanda wa timadera tating'onoting'ono timene NSO idagawa dziko lonse pa kalembera, n'kusankhapo mwamaere, moonetsetsa kuti chigawo chilichonse, tauni ndi mudzi zapatsidwa malo molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake. Dongosolo la Afrobarometer ndi lofunsa anthu 8 pa kadera kalikonse, kutanthauza timadera 150 pa anthu 1,200. Akafika pamalopo sapempha a mfumu kuti awasankhire anthu odziwa kuyankhula, kapena kuima pagolosale n'kumafunsa odutsa. Amayambira pamalo osankhidwa mwamaere, n'kumawerenga nyumba ndi kudumpha zina motsata lamulo, ndipo m'nyumbamo amasankhanso munthu mmodzi mwamaere, mosinthanasinthana mwamuna ndi mkazi. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi: wophunzira wa ku Chikanda ndi mlimi wa ku Mayaka akhale ndi mwayi wofanana wofunsidwa. Ndondomekoyi ikasweka, mwachitsanzo wofunsa akatopa n'kumangofunsa aliyense amene wamupeza pakhonde, ±3 uja amakhalabe papepala koma tanthauzo lake latha.

Tsono tifike pa cholakwa chimene ndimachiona kwambiri, ndipo chimachitidwa ndi anthu ophunzira amene amakhulupirira kafukufuku. Tinene mongoyerekeza kuti ofufuza afunsa anthu 1,200, ndipo 40 peresenti ati avotera mayi wina, 36 peresenti ati avotera bambo wina. Wothirira ndemanga amati: kusiyana ndi mapointi 4, mpata wa kuphonya ndi 3, 4 waposa 3, choncho mayiyo akutsogola mosakaikitsa. Vuto ndi lakuti ±3 ndi wa nambala imodzi payokha. Mayiyo ali penapake pakati pa 37 ndi 43, bamboyo pakati pa 33 ndi 39. Kusiyana kwa awiriwa kuli ndi mpata wakewake, ndipo ndi wokulirapo, pachifukwa chosavuta kumva. Ngati maere adagwera otsatira mayiyo ochuluka kuposa mmene alili m'dziko, malo amene anthu oonjezerawo atenga achotsedwa kwa ena, makamaka kwa otsatira bamboyo. Wina akakwera mwangozi, mnzake amatsika mwangozi yomweyo, ndipo kuphonya kuwiriku kumaphatikizana. Mukawerenga bwino pa manambala awa, mpata wa kusiyanako umafika pafupifupi mapointi 5. Kunena kwina, zoona zingakhale kuti mayiyo ali patsogolo ndi mapointi 9, zingakhalenso kuti bamboyo ndi amene ali patsogolo ndi pointi imodzi. Lamulo lothandiza ndi lakuti, pamene opikisana awiri atenga gawo lalikulu la mavoti, kusiyana kwawo kuyenera kuyandikira kuwirikiza kawiri mpata umene walembedwa musananene motsimikiza kuti wina ali patsogolo.

Izi si masamu a m'kalasi chabe, chifukwa dziko lino lidaonapo mpikisano wothina chotere. Malinga ndi zotsatira zimene bungwe la MEC lidalengeza pa chisankho cha 2019, zimene khoti lidazithetsa mu Febuluwale 2020, a Peter Mutharika adapeza 38.57 peresenti ndipo a Lazarus Chakwera 35.41 peresenti. Kusiyana kudali mapointi 3 ndi pang'ono. Tisiye kaye nkhani ya mmene mavotiwo adawerengedwera, tingofunsa kuti: dziko litagawikanadi chomwechi, kodi kafukufuku angatiuze wopambana? Wa anthu 1,200 sangathe, chifukwa mpata wa kusiyanako ndi pafupifupi 5. Ngakhale wa anthu 2,400 mpata wake ndi pafupifupi 3.4, woposabe kusiyana kwenikweniko. Pa mpikisano wotere, kafukufuku wochitidwa mosamala kwambiri angathe kuika wachiwiri patsogolo popanda aliyense kudya ndalama kapena kulakwitsa kanthu. Wofufuza woona mtima akati "sitinganene," sikuti akubisa yankho. Yankho lake ndi lomwelo.

Apa ndiyenera kuyankhanso anthu a mbali inayo, amene akangomva kuti kusiyana kuli m'kati mwa mpata wa kuphonya amalumphira kunena kuti awiriwo ndi ofanana ndipo kafukufuku sadanene chilichonse. Nawonso apitirira muyeso. Manambala onse a pakati pa 37 ndi 43 sali ndi mwayi wofanana. Zoona zimakonda kukhala pafupi ndi pakati, ndipo 40 kapena 41 ndi wothekera kwambiri kuposa 37 kapena 43. Pa chitsanzo chathu chija, zikadakhala kuti mayi ndi bambo aja alidi ofanana m'dziko, kafukufuku wa anthu 1,200 akadaonetsa mayiyo ali patsogolo ndi mapointi 4 kapena kuposa pa maulendo pafupifupi 6 okha mwa 100. Ndiye kuti umboni ukupendekera kwa mayiyo, ngakhale sudafike pa muyeso umene ofufuza adagwirizana. Muyeso wa 95 pa 100 si lamulo la chilengedwe, ndi mgwirizano chabe, ndipo umavomereza kuti kafukufuku mmodzi pa 20 alionse adzaphonya kupyola mpata wake ngakhale zonse zitachitidwa bwino. Mawu oyenera pa 40 ndi 36 ndi akuti mayiyo akuoneka kuti ali patsogolo pang'ono koma sizikutsimikizika. Akuti "wapambana" ndi bodza, akuti "palibe kusiyana" ndi bodzanso.

Pali malo ena amene ±3 amagwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo awa amandipweteka chifukwa amakolezera tsankho la zigawo. Lipoti likatuluka, anthu amathamangira patsamba logawa zotsatira mwa zigawo kapena maboma, n'kumati a kumpoto asintha maganizo, kapena Zomba yatembenuka. Koma mpata wolembedwa pachikuto ndi wa anthu onse 1,200 pamodzi. Chigawo cha kumpoto chili ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse a m'dziko muno, ndiye kuti pa ofunsidwa 1,200 ogawidwa molingana ndi kuchuluka kwa anthu, a kumpoto amakhala pafupifupi 156. Ikani 156 m'kawerengedwe kaja, mupeza ±8. Boma la Zomba pamodzi ndi mzinda wake lili ndi anthu pafupifupi 5 pa 100, kutanthauza ofunsidwa 60 okha, ndipo mpata wake ndi ±13. Munthu akakuuzani kuti kafukufuku wa dziko lonse wapeza kuti 45 peresenti ya anthu a ku Zomba akufuna chakuti, chimene akunena kwenikweni ndi chakuti nambalayo ili penapake pakati pa 32 ndi 58. Pamenepo simungamangepo mfundo iliyonse, ngakhale yonena ngati ndi ambiri kapena ochepa. N'chimodzimodzinso poyerekeza kafukufuku wa mwezi uno ndi wa mwezi watha. Aliyense ali ndi kuphonya kwake, choncho pa anthu 1,200 uku ndi uku, kusintha kuyenera kufika mapointi 4 tisanayambe kunena kuti wina wakwera kapena watsika. Kuchoka pa 38 kufika pa 40 si umboni wakuti msonkhano wa sabata yatha udakopa anthu.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi ili, ndipo sindikufuna kulipeputsa: ngati masamuwa ndi oona, bwanji zotsatira za chisankho nthawi zina zimasiyana ndi za kafukufuku kupyola mpata wolembedwa? Chisankho cha 2014 chikutiphunzitsa bwino. Masabata angapo tsiku lovota la 20 Meyi lisanafike, Afrobarometer idafunsa anthu 2,400, mpata wake ±2, ndipo idapeza a Mutharika ali pa 27 peresenti, a Chakwera pa 21, a Joyce Banda pa 19 ndi a Atupele Muluzi pa 14. Zotsatira za chisankho zidapatsa a Mutharika 36, a Chakwera 28, a Banda 20 ndi a Muluzi 14. Wotsutsa anganene kuti taonani, mudati 27, zatuluka 36, mwaphonya ndi mapointi 9 pomwe mudalonjeza 2. Koma phatikizani manambala a ofufuzawo: 27, 21, 19 ndi 14 akupanga 81, osati 100. Pafupifupi 15 peresenti ya ofunsidwa sadatchule amene adzamuvotere. Papepala lovotera palibe bokosi la "sindikudziwa". Anthu amenewo pa tsiku lovota adasankha wina kapena adakhala kunyumba, ndipo palibe masamu a ±2 amene akadanena komwe adzapite. Ndondomeko ya opikisana anayiwo ofufuza adaipeza molondola, kuyambira woyamba mpaka wachinayi. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale kusiyana kwa mapointi 6 kudali koposa mpata wa kuphonya, iwo adanenabe kuti mpikisanowo ndi wovuta kulosera, chifukwa osatchula mbali adali ochuluka kuposa kusiyanako. Umu ndi mmene munthu wodziwa malire a chida chake amayankhulira.

Chitsanzochi chikuonetsa zimene ±3 sakhudza n'komwe. Sakhudza anthu amene asintha maganizo pakati pa tsiku lofunsidwa ndi tsiku lovota. Sakhudza amene ayankha mwamphamvu kuti adzavota koma patsikulo apita kudimba kapena ataya chiphaso. Sakhudza munthu amene waona mlendo wonyamula tabuleti, n'kumuganizira kuti watumidwa ndi boma, n'kutchula chipani cholamula kuti asataye mwayi wa feteleza wotsika mtengo. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo n'chifukwa chake Afrobarometer imafunsa kumapeto kwa mafunso ake kuti wofunsidwayo akuganiza kuti watuma ofufuzawo ndani. Sakhudzanso funso lofunsidwa mokondera, kapena lomasuliridwa mosiyana m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Kuphonya kwa mitundu imeneyi sikuchepa ngakhale mufunse anthu 50,000, chifukwa onsewo adzapendekera mbali imodzimodzi.

Ngakhale pa kuphonya kwa maere kumene ±3 amayeza, nambalayi imakhala yocheperako kuposa zoona. Kawerengedwe kaja kamaganiza kuti munthu aliyense wasankhidwa payekha m'dziko lonse, pomwe kwenikweni amafunsidwa 8 pamalo amodzi. Anthu a m'mudzi umodzi amafanana: mfumu yawo ndi imodzi, msewu woipa ndi womwewo, ndipo kuno kwathu, kumene mavoti amatsata kwambiri dera, chipani chimakhalanso chimodzi. Anthu 8 a ku Thondwe amene onse ayankha chimodzimodzi sakupatsani nzeru zochuluka ngati za anthu 8 a m'maboma osiyanasiyana. Kugawa ofunsidwa mwa zigawo kumabwezako pang'ono zimene zatayikazi, koma nthawi zambiri sikubweza zonse. Ngati anthu 1,200 ofunsidwa m'magulu akulemera ngati anthu 600 osankhidwa mmodzimmodzi, mpata weniweni ndi ±4. N'chifukwa chake ndikunena kuti nambala yolembedwayo muziiona ngati poyambira pa kukaika kwanu, osati pothera.

Wina angafunse kuti, ngati pali zokaikitsa zochuluka chotere, kafukufuku ali ndi ntchito yanji? Ntchito yake ndi yaikulu pamene kusiyana n'kwakukulu, ndipo mafunso ambiri amene amakhudza moyo wathu ndi otero. Ofufuza akapeza kuti anthu 70 pa 100 akuti zinthu sizikuyenda bwino pa chuma, kaya zoona ndi 66 kaya 74, uthenga kwa olamula ndi umodzi, ndipo palibe mneneri wa chipani amene angabisale kuseri kwa mpata wa kuphonya. Tiyerekezenso ndi njira zina zimene andale amagwiritsa ntchito podziwa maganizo a anthu: kuchuluka kwa khamu pabwalo la msonkhano, limene lina labwera pa malole, kapena mawu a anthu owazungulira amene amadya nawo. Njira zimenezi nazonso zimaphonya, koma palibe amene angakuuzeni kuti zimaphonya ndi zingati. Kafukufuku wa maere ndi njira yokhayo imene imabwera itanena yokha kukula kwa mbali ina ya kuphonya kwake, ndipo n'zachisoni kuti kuona mtima kumeneku ndi kumene ena amakugwiritsa ntchito poinyoza.

Otsala ndi akonzi a nkhani, amene amati owerenga safuna masamu ndipo mutu wa nkhani uyenera kukhala waufupi. Ndikumvetsa kuti tsamba loyamba lili ndi malo ochepa, komanso kuti "akutsogola" amagulitsa nyuzipepala kuposa "sizikudziwika". Koma sindivomereza kuti Amalawi sangamve zimenezi. Mlimi amene amanena kuti munda uwu umatulutsa matumba 18 kapena 22 malinga ndi mvula amadziwa kale kuti nambala yoyerekeza imakhala ndi m'munsi ndi m'mwamba. Chimene chikufunika ndi chiganizo chimodzi m'ndime yoyamba, chonena anthu angati adafunsidwa, adasankhidwa bwanji, liti, angati sadatchule mbali, ndiponso amene walipira kafukufukuyo. Bungwe limene likukana kupereka zimenezi zotsatira zake zisalengezedwe n'komwe. Ndipo m'malo molemba kuti wakuti ali pa 40, alembe kuti ali pakati pa 37 ndi 43, chifukwa zimenezo ndi zimene ofufuza apezadi.

Kusamala kumeneku kwakhala kofunika kwambiri kuchokera mu 2020, pamene makhoti adagamula kuti wopambana pa mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Kale funso lidali loti ndani ali patsogolo, koma tsopano pali funso lachiwiri, loti kodi wapyola 50? Tinene kuti kafukufuku wa anthu 1,200 waika wina pa 52 ndipo womutsatira pa 35. Pa funso loyamba palibe chokaikitsa, chifukwa mapointi 17 ndi otalikirana kwambiri ndi mpata uliwonse wa kuphonya. Pa funso lachiwiri, 52 akutanthauza pakati pa 49 ndi 55, ndipo 49 ndi chisankho chachibwereza. Kafukufuku yemweyo, tsiku lomwelo, akuyankha funso limodzi motsimikiza ndi kulephera kuyankha linalo. Otsatira amene auzidwa kuti mtsogoleri wawo wapambana kale ulendo woyamba, zotsatira n'kudzabwera 49, sadzanena kuti maere adaphonya ndi mapointi 3. Adzanena kuti mavoti abedwa, ndipo amene adawabisira mpata uja adzakhala ndi gawo pa mkwiyo umenewo.